Kalata youza eni nyumba kuti simukusamuka: kalembedwe kake

Alendi ambiri kuno ku Zomba amakumbukira kalata pamene akufuna kutuluka m'nyumba. Akafuna kukhalabe amangokhala chete, poganiza kuti a landilodi aziona okha kuti makatani akadali m'mawindo. Ine ndinachitapo zomwezo chaka china ndili ku Chinamwali. Mgwirizano wanga unkatha mu Disembala, ndipo sindinanene kanthu. Pakati pa Novembala ndinangoona anthu awiri achilendo akuzungulira nyumba, akusuzumira kukhitchini. Eni nyumba anali atamva mphekesera yoti andisinthira ntchito ku Lilongwe, ndiye anali atalandira kale ndalama kwa munthu wina. Sindinali ndi pepala lililonse loti ndingawaonetse. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse ndimalemba kalata, ndipo ndikufuna ndikuonetseni momwe ndimachitira.

Ndifotokoza potsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti mukukhala ku Matawale m'nyumba ya zipinda zitatu zogona, ya mumpanda. Mgwirizano wanu unayamba pa 1 Januwale 2025 ndipo ukutha pa 31 Disembala 2025. Lendi ndi K220,000 pamwezi, mumalipiriratu miyezi itatu itatu, ndipo polowa munasiya dipoziti ya mwezi umodzi. Ndalamazi ndi zachitsanzo chabe, inu muikepo zanu.

Gawo loyamba: tulutsani mgwirizano uja muuwerengenso

Musanagwire cholembera, funafunani pepala lomwe munasainirana polowa. Anthu ambiri analiwerenga kamodzi kokha, tsiku lomwe ankalandira makiyi, mtima uli pa galimoto ya katundu yomwe inkadikira panja. Tsopano liwerengeni modekha, ndipo muyang'ane zinthu zitatu: tsiku lomwe mgwirizano ukutha, nthawi ya notisi, ndi zomwe pepalalo likunena zokhudza kupitiriza.

Chachitatuchi ndiye chofunika kwambiri, chifukwa ndicho chimakuuzani mtundu wa kalata yomwe mulembe. Migwirizano ina imanena kuti mlendi ali ndi ufulu wowonjezera chaka china ngati adziwitsa eni nyumba mwa kalata nthawi yakutiyakuti isanakwane. Ngati wanu uli wotero, kalata yanu ndi yodziwitsa: mukugwiritsa ntchito ufulu womwe munapatsidwa kale, bola musaphonye tsiku komanso musakhale ndi ngongole ya lendi. Migwirizano ina imangoti ungathe kupitirira ngati mbali zonse ziwiri zagwirizana, ndipo ina sinena kanthu n'komwe. Pamenepo kalata yanu ndi pempho. Eni nyumba angathe kuvomera, angathe kukana, angathenso kukweza lendi. Kulemba kuti "ndikupitiriza" sikuwakakamiza kalikonse mpaka atavomera.

Pali anthu omwe amalemba kalata yodziwitsa pamene anayenera kulemba pempho, ndipo a landilodi amakwiya kuti mlendi akuwalamula pa nyumba yawo yomwe. Ena amalemba mopempha ndi kudandaula pamene ufulu anali nawo kale, n'kudzitsegulira khomo loti awakwezere lendi mosayembekezera. Zonsezi zimachokera pa kusawerenga pepala.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti mgwirizano ukuti mlendi adziwitse eni nyumba miyezi iwiri usanathe, ndipo lendi ya chaka chotsatira adzakambirana. Miyezi iwiri kubwerera m'mbuyo kuchokera pa 31 Disembala ndi pa 31 Okutobala. Limenelo ndi tsiku lomwe kalata iyenera kukhala itafika kale m'manja mwawo, osati lomwe mukuyamba kuilemba. Ine ndimachotsaponso masabata awiri, chifukwa eni nyumba ambiri a mu Zomba sakhala mu Zomba. Ena ali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena anapuma ntchito n'kupita kumudzi, ndipo kuti muwapeze pamatenga masiku.

Nanga ngati munalowa popanda pepala lililonse, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za ku Chikanda kapena ku Sadzi? Lembanibe. Kalata yanu ikhoza kukhala pepala loyamba losonyeza zomwe munagwirizana pakamwa: tsiku lomwe munalowa, lendi yomwe mumapereka, ndi nthawi yomwe mukufuna kukhalanso.

Gawo lachiwiri: konzani mbali yanu

Apa sipofunika kuchedwapo. Onetsetsani kuti lendi mulibe ngongole, sonkhanitsani malisiti kapena mauthenga a Airtel Money, a Mpamba kapena a kubanki osonyeza kuti munalipira, ndipo ngati mita yanu ya madzi ndi ya bilu, lipirani ku Southern Region Water Board kuti bilu isatsalire. Mita za madzi zambiri zimakhala m'dzina la mwini nyumba, ndiye ngongole yomwe ili pamenepo imamuwawa iyeyo mwachindunji. Magetsi a mayunitsi savuta chifukwa mumagula musanagwiritse ntchito. Ngati muli ndi ngongole yomwe simungathe kuimaliza tsopano, musaibise. Itchuleni m'kalatamo pamodzi ndi tsiku lomwe mudzaimalize.

Gawo lachitatu: lankhulani nawo kaye, makamaka za lendi

Kwathu kuno kalata yobwera mwadzidzidzi imaopsa. Munthu wamkulu akalandira envelopu kuchokera kwa mlendi wake yemwe amapatsana naye moni tsiku ndi tsiku, amayamba waganiza kuti pali mlandu. Choncho imbani foni kapena pitani mukawaone. Auzeni kuti nyumba mukuikonda, mukufuna kukhalanso chaka china, ndipo mubweretsa kalata kuti nonse mukhale ndi chosunga. Kenako funsani funso lomwe alendi ambiri amaliopa: kodi lendi ikhala bwanji chaka chamawa?

Ndikudziwa chifukwa chake anthu amaopa. Amati ukafunsa ndiye kuti wawakumbutsa kukweza. Koma eni nyumba saiwala. Kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi penti inakwera, ndipo aliyense wa nyumba amalingalira zokweza ngakhale asananene. Kukhala chete kumangochititsa kuti mudzamve mtengo watsopano mu Januwale, fizi ya ana ili pakhomo, nthawi yofunafuna nyumba ina itatha. Mukafunsa mu Okutobala, mumakhala mukadali ndi mphamvu yokambirana, chifukwa mukhoza kutulukadi.

Tinene kuti a landilodi anena K280,000. Musayankhe pomwepo. Kawerengereni kunyumba. Kukwera kwa K60,000 pamwezi ndi K720,000 pachaka. Kumbali inayi, kusamuka nakonso si kwaulere: nyumba ina ya K250,000 idzafuna miyezi itatu ndi dipoziti, yomwe ndi K1,000,000 nthawi imodzi, kuwonjezerapo ya dobadoba wokupezerani nyumbayo ndi ya galimoto ya katundu, pamene dipoziti yanu yakale simudziwa kuti idzabwera liti. Nawonso eni nyumba ali ndi masamu awo. Mukatuluka, ayenera kupenta, kukonza zowonongeka, ndipo nyumba ikakhala mwezi umodzi wokha yopanda munthu ataya ndalama zoposa K200,000, osawerengera mantha oti wolowayo mwina adzakhala wovuta kulipira. Mlendi wolipira pa nthawi yake ndi chuma, ndipo muli ndi ufulu wowakumbutsa zimenezi mwaulemu. M'chitsanzo chathu mwakumana pakati, pa K250,000.

Chenjezo limodzi la ku Zomba kuno. Nyumba zomwe zili kufupi ndi yunivesite ku Chirunga, makamaka ku Chikanda ndi madera ozungulira, eni ake amadziwa kuti akhoza kuzisandutsa hositelo n'kumalipiritsa ophunzira pabedi pabedi. Ngati mukukhala kumeneko, musadalire kwambiri mfundo yoti nyumba idzakhala yopanda munthu. Mphamvu yanu ndi yakuti banja limasamala nyumba, limalipira ngakhale sukulu itatsekedwa, ndipo silidzaza thanki ya chimbudzi msanga. Lembani kalata yanu msanga kuposa ena onse.

Gawo lachinayi: lembani kalatayo

Ikhale ya tsamba limodzi. Kutaipa n'kwabwino, ndipo malo otaipira ndi kupanga fotokope alipo ambiri m'tauni muno, koma ya pamanja yowerengeka bwino imagwiranso ntchito. Ngati mgwirizano wanu uli m'Chingerezi ndipo nyumba ndi ya kampani kapena ya bungwe, lembani m'Chingerezi. Ngati eni nyumba ndi mayi kapena bambo omwe mumalankhula nawo Chichewa, lembani m'Chichewa, chifukwa munthu amasaina ndi mtima wonse chinthu chomwe wachimva bwino.

Pamwamba kumanja ikani keyala yanu ndi tsiku. Kumanzere ikani dzina ndi keyala ya eni nyumba, ndipo dzinalo likhale lomwe lili pa mgwirizano. Ngati nyumba ndi ya mayi koma lendi amatolera mwana wawo, kalata ilembedwe kwa mayiwo, mwanayo angolandira kope. Nayi kalata ya chitsanzo chathu:

13 Okutobala 2025

Okondedwa Mayi,

KUPITIRIZA MGWIRIZANO WA LENDI YA NYUMBA YANU YA KU MATAWALE, PULOTI NAMBALA ...

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse.

Monga tinakambirana pafoni pa 9 Okutobala, ndikulemba kukudziwitsani kuti sindisamuka m'nyumba yanuyi mgwirizano wathu ukadzatha pa 31 Disembala 2025. Ndikufuna kupitiriza kukhalamo kwa miyezi ina 12, kuyambira pa 1 Januwale 2026 mpaka pa 31 Disembala 2026. Kalatayi ndailemba potsatira ndime ya mgwirizano wathu yomwe imati ndikudziwitseni miyezi iwiri usanathe.

Tinagwirizana kuti lendi idzakhala K250,000 pamwezi kuyambira pa 1 Januwale 2026, ndipo sidzasintha mpaka chakacho chitatha. Ndidzapitiriza kulipiriratu miyezi itatu itatu, K750,000 ulendo uliwonse, pasanafike pa 5 mwezi woyamba wa miyezi itatuyo. Dipoziti yanga ya K220,000 yomwe munalandira pamene ndinkalowa ipitirire kukhala m'manja mwanu. Mfundo zina zonse za mgwirizano wakale zikhale momwemo.

Ndikupemphanso kuti denga la chipinda chakumbuyo, lomwe linayamba kudontha mvula yathayi, likonzedwe mvula isanayambe.

Ngati mwavomereza zimenezi, chonde sainani pansipa pa makope onse awiri, limodzi musunge, lina mundibwezere pasanafike pa 27 Okutobala 2025.

Zikomo chifukwa cha kukhala kwathu kwabwino chaka chonsechi.

Ine wanu,
(siginecha, dzina lonse, nambala ya foni)

Ndalandira kalatayi ndipo ndavomereza: (siginecha ya eni nyumba, dzina, tsiku)

Mboni: (siginecha, dzina, tsiku)

Tsopano tione chifukwa chake mawu ena alimo.

Masiku ndawalemba onse ndi manambala, chaka chomwe. Mawu akuti "ndikhalanso chaka china" amaoneka omveka, koma pakabuka mkangano wina amati chaka chinayamba tsiku la kalata, wina amati chinayamba mu Januwale. Chimodzimodzi mawu akuti "ndikhalabe kwa kanthawi". Amenewo sakutetezani ngakhale pang'ono.

Mawu akuti "sidzasintha mpaka chakacho chitatha" ndi omwe ndimawaona kuti ndi mtima wa kalata yonse. Popanda iwo, mukhoza kuvomera K250,000 mu Okutobala, kenako mu Epulo n'kumva kuti zinthu zadula, lendi yakweranso. Phindu lenileni la kuwonjezera mgwirizano kwa chaka ndi lakuti mumadziwa ndalama yomwe mudzatulutse mwezi uliwonse. Ngati eni nyumba akukana kumanga mtengo kwa chaka chonse, gwirizanani miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mulembe kuti kusintha kulikonse adzakudziwitsani mwa kalata miyezi iwiri kusanachitike.

Dipoziti ndaitchula ndi kuchuluka kwake chifukwa ndi ndalama yomwe imaiwalika zaka zikamapita. Munthu amakhala m'nyumba zaka zisanu, potuluka n'kuuzidwa kuti dipoziti inatha ndi mgwirizano woyamba uja. Mukamaitchula m'kalata ya chaka chilichonse, eni nyumba n'kumasaina pansi pake, nkhani imeneyo siingabuke. Ena adzafuna kuti muwonjezerepo kuti ifanane ndi lendi yatsopano. Apa ndiye kuti muwonjezera K30,000, ndipo mulembe kuti dipoziti tsopano yakwana K250,000.

Za kukonza, ndatchula chinthu chimodzi chokha, ndipo ndachita dala. Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo denga lodontha mu Okutobala likasiyidwa, pofika Febuluwale siling'i imakhala itagwa. Chimenecho n'choyenera kulowa m'kalata. Koma musasandutse kalatayi kukhala mndandanda wa madandaulo a chaka chonse, mpopi wodontha, chitseko cholira, galu wa aneba, geti lochita dzimbiri. Eni nyumba akawerenga madandaulo khumi amayamba kuganiza kuti mlendi wina angakhale wosavuta. Zing'onozing'onozo zilembeni papepala lina mgwirizano utatheka.

Ndipo ngati munakonzapo kanthu ndi ndalama zanu, monga K85,000 yomwe munalipira pulambala ndi kugulira mapaipi, musangoichotsa pa lendi mwa inu nokha. Onjezerani chiganizo chonena kuti, monga munagwirizana, ndalamayo idzachotsedwa pa malipiro oyamba, kotero mu Januwale mudzapereka K665,000 m'malo mwa K750,000, ndipo phatikizani fotokope ya lisiti. Ngati sanavomere, musailembe ngati yovomerezedwa. Ipempheni.

Mfundo yomweyi ikhudzanso lendi. Ngati simunagwirizanebe, musalembe kuti "tinagwirizana". Lembani kuti mukupempha kuti lendi ikhale K250,000, ndi kuti ndinu okonzeka kukumana nawo kuti mukambirane tsiku lakutilakuti lisanafike. Koma samalani apa ngati mgwirizano wanu ndi wa mtundu woyamba uja, wokupatsani ufulu wowonjezera. Nenani kaye momveka, m'ndime yakeyake, kuti mukupitiriza motsatira mgwirizano. Zopempha zanu zibwere padera, kuti zisaoneke ngati mukuti mudzakhala pokhapokha atazichita. Kalata yonena kuti "ndipitiriza ngati mukonza denga" imapatsa eni nyumba mpata wonena kuti simunawonjezere mgwirizano, munangoika zofuna zanu.

Gawo lachisanu: iperekeni mwa njira yosiya umboni

Pangani makope awiri, onse muwasaine ndi cholembera. Ngati eni nyumba ali pafupi, pitani nokha, ndipo ndi bwino kutenga munthu wamkulu mmodzi woti akhale mboni, yemwe si wa m'nyumba mwanu. Ena safuna kusaina pomwepo, amati akambirane kaye ndi ana awo kapena akazi awo. Zimenezo n'zabwinobwino, musawakakamize. Ingowapemphani alembe pa kope lanu kuti "ndalandira", ndi tsiku, ndi siginecha. Kulandira ndi kuvomereza ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma kulandirako kukusonyeza kuti munadziwitsa nthawi isanathe.

Ngati ali kutali, jambulani kalatayo bwinobwino muwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo, kenako pepala lenilenilo litsatire kudzera ku positi yolembetsa kapena kwa otumiza makalata omwe amapereka lisiti. Yang'ananinso mgwirizano, chifukwa wina umanena njira yomwe notisi iyenera kuperekedwera, ndipo ngati ukuti ndi kalata yofika pa keyala yakutiyakuti, uthenga wa pafoni pawokha sukwanira. Mauthengawo ajambuleni muwasunge kwina, mafoni amabedwa.

Chomwe sindichita ndi kusiya kalata kwa mlonda, kwa mwana wopezeka pakhomo, kapena kwa dobadoba yemwe anandipezera nyumba. Dobadoba amadya pamene mlendi watsopano akulowa, choncho kukhalabe kwanu iye sikumupindulira. Ngati nyumba ikuyang'aniridwa ndi ofesi ya ejenti yomwe yatchulidwa mu mgwirizano, imeneyo ndi nkhani ina: perekani kumeneko, adinde chidindo pa kope lanu. Chimodzimodzi nyumba za Malawi Housing Corporation kapena za mabungwe ena, kalata imapita ku ofesi, ndipo mufunse ngati ali ndi fomu yawoyawo yoti mudzaze.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsatirani yankho

Tsiku lomwe munaika m'kalata, pa 27 Okutobala, likafika popanda yankho, imbani foni mawa lake. Kukhala chete kwa eni nyumba si kuvomera. Nthawi zambiri kumakhala kutanganidwa chabe, koma pali zizindikiro zomwe ndaphunzira kuziona: akamati "musadandaule, ingokhalani" koma osafuna kusaina, akayamba kulandira lendi ya mwezi umodzi umodzi pamene kale ankafuna itatu, kapena anthu akayamba kubwera kudzayeza mpanda ndi kujambula nyumba. Pamenepo mwina nyumba ikugulitsidwa, kapena akuisungira wachibale. Funsani mosabisa, ndipo yambani kuyang'ana nyumba ina mukadali ndi miyezi iwiri.

Mwina mungafunse kuti, nanga Disembala akatha, ine ndili momwemo, iwo akulandirabe lendi, vuto lili pati? Simuli m'nyumbamo mwakuba, zimenezo n'zoona. Koma kawirikawiri kukhala kotereku kumatengedwa ngati kongoyendera nthawi yomwe mumalipirira, mwezi ndi mwezi kapena miyezi itatu itatu, ndipo eni nyumba akhoza kukupatsani notisi yaifupi kapena kukweza lendi nthawi yomwe afuna. Chaka chathunthu chomwe mumaganiza kuti muli nacho palibe pomwe chalembedwa.

Akasaina, kope lanu liphatikizeni ndi mgwirizano wakale ndi malisiti, muziike mu envelopu imodzi pamalo posafika chinyezi, chifukwa makabati a ku Zomba amachita nkhungu nthawi ya mvula. Eni nyumba ena amakonda kulemba mgwirizano watsopano m'malo mongosaina pa kalata. Zili bwino, koma uwerengeni ndime ndi ndime mutauika pambali pa wakale. Onani ngati nthawi ya notisi yafupika, ngati msonkho wa khonsolo ya mzinda womwe ankalipira iwo waikidwa pa inu, komanso ngati dipoziti yanu yatchulidwa. Mukapeza chosiyana ndi zomwe munakambirana, chikonzedwe pa makope onse awiri, ndipo nonse musaine pambali pa pomwe pakonzedwapo musanasaine kumapeto.